Anthu 38 Atasanduka 90: Kodi Chithunzi Chinganame?

Munthu wochokera mumzinda wa Zomba akafuna kukafika pachilumba cha Chisi, amayenda makilomita pafupifupi 30 kulowera kuvuma mpaka padoko la Kachulu. Pamenepo amasiya galimoto n'kukwera bwato. Ulendo wa panyanja ya Chilwa ulibe nthawi yoikika, chifukwa nyanjayi ndi yosaya ndipo ilibe mtsinje wotuluka. Mvula ikagwa yambiri madzi amasefukira m'madambo, ikachepa nyanja imathawa gombe n'kusiya matope. Idaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu idaumanso mpaka mabwato kukhala pamtunda.

Akhristu ambiri a m'tauni amene amapereka thandizo lopita kumalo otere sadzapondako. Zimene amadziwa za ulendowo amaziwerenga mu lipoti, kapena amaziona pachithunzi chokhomedwa pabolodi la zidziwitso pakhomo la tchalitchi. Wojambula amakhala maso awo. Akuluakulu adachenjeza kale kuti kandimverere adakanena za m'maluwa, koma masiku ano wotumidwa amabwera ndi chithunzi m'manja, ndipo anthu akaona chithunzi amaganiza kuti adzionera okha.

Funso la nkhani ino lagona pamenepo. Ngati pamsonkhano padafika anthu ochepa, wojambula n'kutenga anthu omwewo kuwabwereza pachithunzi kuti bwalo lioneke lodzaza, kodi wanama? Ndipo ngati wanama, walakwira ndani?

Ulendo wa ndowa 150

Nachi chitsanzo. Ndi chongoyerekeza, sichikunena parishi ina iliyonse, koma zonse zili m'menemo ndi zotheka.

Miphakati ya parishi ina ya m'tauni idasonkha ndalama nthawi ya Lenti, n'kugula ndowa 150 zokhala ndi chivundikiro, sopo ndi mankhwala othira m'madzi akumwa. Cholinga chidali kukaphunzitsa mabanja a ku Chisi za kapewedwe ka kolera, ndi kupatsa banja lililonse ndowa imodzi. Uthenga udatsogola kuti msonkhano udzakhala Loweruka nthawi ya 10 koloko m'mawa. Gulu lidanyamuka kusanache, lidawoloka, lidatsitsa katundu. Pansi pa mtengo padayalidwa mabenchi 8 obwereka, lililonse lokhala anthu asanu.

Padafika anthu 38. Ambiri adali amayi a ana kumbuyo ndi okalamba. Abambo adali owerengeka. Phunziro lidachitika bwino, ndowa 38 zidaperekedwa, ndipo 112 zotsala adazisiya m'manja mwa komiti ya pachilumbapo kuti idzagawe.

Madzulo, mlembi wa gululo, mnyamata wodziwa makompyuta, adayang'ana zithunzi n'kugwa ulesi. Mchenga udachuluka kuposa anthu. Adakumbukira amayi a m'mphakati wake amene adasonkha kuchokera pa kageni ka tomato, ndipo adaona ngati akawaonetsa bwalo lotero, chaka chamawa sadzaperekanso. Adatsegula pulogalamu yokonzera zithunzi. Adadula amayi 12 amene adakhala kumanzere, n'kuwatembenuza ngati pagalasi kuti asazindikirike msanga, n'kuwamata kumanja komwe kudalibe munthu. Adatenganso anthu 20 a mizere yapakati, n'kuwachepetsa pang'ono, n'kuwaika kumbuyo kawiri. Malaya awiri atatu adawasintha mtundu. Ola lisanathe, anthu 38 adasanduka 90. Pansi pa chithunzi adangolemba kuti: Anthu a ku Chisi kumvetsera phunziro la madzi aukhondo.

Sadalembe nambala yabodza ngakhale imodzi. Sadabe ndowa. Aliyense wooneka pachithunzicho adalipodi pamsonkhano. Mnyamatayo akadafunsidwa, akadayankha ndi mtima wonse kuti sadanamize munthu.

Chimene chithunzi cha lipoti chimalonjeza

Zithunzi sizigwira ntchito imodzi zonse. Chithunzi cha pakalendala, pomwe nkhope ya bambo mfumu yaikidwa pambali pa tchalitchi ndi maluwa, aliyense amadziwa kuti ndi cholumikiza, ndipo palibe amene amapusitsidwa. Chithunzi cha mu lipoti la zochitika ndi china. Icho chimanena zinthu zitatu popanda mawu: kuti pamalo ano, pa nthawi iyi, padali anthu awa. Woona amawerenga mitu ndi maso asanaganize n'komwe, chifukwa akudziwa kuti munthu mmodzi sangakhale pamalo awiri nthawi imodzi. Mutu uliwonse amauwerenga ngati munthu wina. Wobwereza anthu amadalira chikhulupiriro chimenechi. Chikadapanda kukhalapo, ntchito yake yonse ikadakhala yopanda pake.

N'chifukwa chake kunena kuti "sindidalembe nambala" sikupulumutsa. Katekisimu wa Eklezia Katolika, pofotokoza Lamulo lachisanu ndi chitatu kuyambira ndime 2482, amatsata Augustino Woyera ponena kuti mtima wa bodza ndi cholinga chopusitsa. Ndime 2483 imaonjeza kuti munthu amanama ndi mawu, amanamanso ndi zochita. Mlembi uja adafuna kuti akhristu akhulupirire kuti padali anthu ambiri kuposa amene adalipo. Adasankha njira yoti akhulupirire zimenezo, ndipo adakhulupiriradi. Kutembenuza amayi aja ndi kusintha mtundu wa malaya kukuonetsa kuti ankadziwa chimene ankachita, pakuti munthu sabisa mapazi pa njira imene sakuchita nayo manyazi.

Nkhani ya Ananiya ndi Safira m'buku la Ntchito za Atumwi, mutu 5, ikufanana nazo kwambiri. Ananiya adagulitsa munda, adasungako ndalama zina, n'kukatula zotsalazo kwa Atumwi ngati kuti ndi zonse. M'nkhaniyo samveka akulankhula ngakhale liwu limodzi. Ndalama zimene adatula zidali zenizeni, ndipo Petro adamukumbutsa kuti mundawo udali wake, palibe adamukakamiza kupereka zonse. Tchimo lake lidali kuonetsa gawo ngati chinthu chathunthu. Anthu 38 aja nawonso ndi enieni. Bodza lili pa kuwaimika m'malo mwa anthu ena 52 amene sadabwere.

Amene adafafanizidwa

Ambiri akamva nkhani yotere amaganiza kuti olakwiridwa ndi opereka ndalama okha. Iwo alakwiridwadi, koma kuvulala kwakukulu kwagwera anthu amene sakuoneka pachithunzi.

Malo opanda anthu pabwalo lija adali uthenga. Ankafunsa kuti ena ali kuti. Ku Chisi funso limeneli lili ndi mayankho enieni. Moyo wa pachilumbapo umayendera nsomba: matemba, mlamba ndi makumba. Asodzi ambiri a pa Chilwa sagona kumudzi tsiku lililonse. Amakhala m'zimbowera, timisasa toyandama tomangidwa pa udzu wa m'nyanja, ndipo amatha masabata ali komweko. Amayi ena m'mawa amakhala ali padoko kudikira nsomba, kapena akuyanika ndi kuwamba. Mwina uthenga udafika m'mudzi umodzi wokha. Mwina tsikulo kudali maliro. Chilichonse mwa zifukwa zimenezi chili ndi mankhwala ake: kusintha ola, kusintha tsiku, kupita kudoko m'malo moitanira anthu pansi pa mtengo, kapena kutuma uthenga kudzera kwa mafumu sabata ziwiri zisanakwane. Koma mankhwala amafunidwa ndi amene waona nthenda.

Zimene zidachitika pa Chilwa mu 2016 zikuphunzitsa bwino mfundoyi. Kolera itabuka m'madera ozungulira nyanjayi kumapeto kwa 2015, Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi mabungwe othandiza, kuphatikizapo Médecins Sans Frontières, adakonza katemera wakumwa, yemwe amaperekedwa kawiri motalikitsa masiku. Okonzawo adavomereza poyera kuti msodzi wa m'chimbowera amene wamwa koyamba n'kovuta kum'pezanso tsiku lachiwiri. Choncho sadagwiritse njira imodzi kwa onse. Okhala kumtunda adalandira monga mwa nthawi zonse, pomwe asodzi a m'zimbowera adapatsidwa kabotolo kachiwiri kuti akamwe okha tsiku lake likakwana. Nzeru imeneyi idabadwa chifukwa anthu adawerenga moona amene amafika ndi amene safika. Akadakhala ndi chithunzi chokongola chosonyeza kuti aliyense amabwera, sakadaona chifukwa chosinthira kanthu.

M'chitsanzo chija, chithunzi chikafika ku khonsolo ya parishi, zinthu zitatu zitsatira. Choyamba, khonsolo iona kuti Loweruka 10 koloko ndi nthawi yabwino, ndipo ulendo wina udzakonzedwa chimodzimodzi, asodzi n'kuphonyanso. Chachiwiri, khonsolo ilemba kuti ku Chisi kwatheka, chaka chamawa thandizo lipite kwina, pomwe anthu amene amamwa madzi a m'nyanja tsiku ndi tsiku sadamve phunzirolo. Chachitatu, palibe amene afunse za ndowa 112, chifukwa pachithunzi zikuoneka ngati zambiri zidapita m'manja mwa eni ake tsiku lomwelo. Ngati komiti ya pachilumba idalibe njira yozifikitsira kutali, palibe adzaithandize. Ndipo tsiku limene chinyengo chidzaululike, anthu adzayamba kufunsa kuti ndowa zidapita kuti, n'kukayikira komiti imene sidalakwe kanthu.

Mthenga Wabwino wa Luka, mutu 17, umasimba za akhate khumi amene adachiritsidwa, mmodzi yekha n'kubwerera kudzathokoza. Luka sadakuze gululo. Adalemba mmodzi, ndipo chifukwa cha kuwerenga koona kumeneko nkhaniyo ili ndi funso la Ambuye lofunsa za asanu ndi anayi otsala. Wina akadajambula Msamariya uja kakhumi, chithunzicho chikadakoma, koma funsolo likadafa. Mbusa wa pa mutu 15 nayenso adapita kukafuna nkhosa yotayika chifukwa adawerenga n'kupeza 99. Akadawerenga nkhosa imodzi kawiri kuti zikwane 100, akadagona tulo tabwino, nkhosa ija ili kuthengo.

Palinso amayi 12 aja. Iwo adasiya ntchito zawo n'kubwera. Adalola kujambulidwa ngati eni ake a msonkhano, osati ngati njerwa zotsekera mpata. Mayi amene waikidwa kawiri wasanduka mboni ya chinthu chimene sadachione, ndipo sadafunsidwe. Tsiku lina chithunzicho chikadzafika pafoni ya mwana wake, adzaona mayi ake atakhala kumanzere ndi kumanja, khanda lomwelo lili kumbuyo.

Zodzitetezera zitatu

Mnyamata uja si munthu woipa, ndipo zifukwa zake n'zoyenera kuzimva.

Chifukwa choyamba n'chakuti cholinga chidali chabwino: ankafuna kuti thandizo lisaleke. Mantha akewo si opanda maziko, pakuti alipodi anthu amene amapereka akaona chigulu. Koma chiphunzitso cha Eklezia n'chakuti cholinga chabwino sichisandutsa bodza kukhala chinthu chabwino. Komanso poganiza choncho, mlembiyo waweruza akhristu anzake kuti sangathe kumva zoona n'kupitirizabe kuthandiza. Wawachotsera mwayi wosankha okha. Mwina akadamva kuti abambo adali panyanja, wina akadanena kuti ulendo wotsatira ukafike kudoko m'mamawa. Mwina wina akadapereka mafuta a bwato. Ndipo thandizo lomangidwa pa chithunzi chabodza limafuna chithunzi china chabodza chaka chamawa, chifukwa anthu 45 enieni adzaoneka ngati kutsika kuchoka pa 90.

Chifukwa chachiwiri n'chakuti anthuwo alipodi pachilumba, ndipo akadabwera kukadapanda zovuta. Izi zikhoza kukhala zoona. Koma lipoti limanena zimene zidachitika, osati zimene zikadachitika. Msungichuma amene walemba m'buku kuti chopereka chidakwana chakuti, poti chikadakwana mvula ikadapanda kugwa, palibe khonsolo imene ingamumvere.

Chifukwa chachitatu ndicho champhamvu: wojambula aliyense amasankha. Amasankha poima, amasankha mphindi, amadula m'mphepete. Akagwada pafupi ndi mzere woyamba, anthu 38 amadzaza chithunzi chonse popanda kubwereza aliyense. Nanga kusiyana kuli pati? Kusiyana kulipo. Chithunzi chojambulidwa pafupi chimaonetsa gawo la zimene zidalipo, ndipo munthu amene adali pamsonkhano angachione n'kuvomereza kuti zidali choncho. Chithunzi chobwereza anthu chimaonetsa zimene sizidakhalepo, ndipo palibe amene adaima paliponse pabwalolo n'kuona zimenezo. Komabe chifukwa chachitatuchi chili ndi chenjezo loona. Wojambula amene wasankha dala chithunzi chapafupi chokha, n'kulemba pansi pake kuti "khamu la anthu", wafika pa bodza lomwe lija podzera njira yaukhondo. Muyeso wake ndi umodzi: munthu akaona chithunzi ndi mawu ake, chiwerengero chimene chatsala m'mutu mwake chikufanana ndi choona kapena ayi? Kuwalitsa chithunzi chakuda kapena kuchiwongola chikapendekeka sikusintha chiwerengero chimenecho. Kubwereza anthu kumachisintha, ndipo n'chifukwa chake kumachitidwa.

Kumene zidachitikadi

Anthu a ntchito yofalitsa nkhani adakumana nalo kale vutoli, ndipo chigamulo chawo n'chowuma. Kumapeto kwa Malichi 2003, nyuzipepala ya Los Angeles Times idasindikiza patsamba loyamba chithunzi cha Brian Walski, chojambulidwa pafupi ndi mzinda wa Basra ku Iraq, chosonyeza msilikali wa ku Britain ndi anthu wamba atakhala pansi. Wogwira ntchito kunyuzipepala ina, Hartford Courant, adaona kuti anthu ena akumbuyo akuoneka kawiri. Zidapezeka kuti Walski adalumikiza zithunzi ziwiri zojambulidwa motsatizana kuti chituluke chimodzi chogwira mtima. Cholinga chake sichidali kuchulukitsa anthu, ndipo zonse ziwiri zidali zake, za malo omwewo. Komabe adachotsedwa ntchito nthawi yomweyo, ndipo nyuzipepalayo idasindikiza zithunzi zonse zitatu kuti owerenga adzionere.

Mu Okutobala 2004, nthawi ya kampeni ku Amereka, gulu la George W. Bush lidatulutsa uthenga wa pakanema wokhala ndi chithunzi cha asilikali ambiri akumvetsera. Anthu atachiyang'anitsitsa adapeza nkhope zomwezo zitabwerezedwa m'malo angapo. Gululo lidavomera, n'kufotokoza kuti okonza adachotsa pulezidenti ndi gome lolankhulira zimene zinkatchinga, n'kutseka mpatawo ndi asilikali okopera. Asilikali pamwambowo adalipodi ambiri. Ngakhale zidali choncho, chithunzicho adachisintha, chifukwa anthu atangoona nkhope imodzi kawiri adayamba kukayikira zonse.

Mu Ogasiti 2006, bungwe lofalitsa nkhani la Reuters lidapeza kuti wojambula Adnan Hajj adakopera utsi pachithunzi cha mzinda wa Beirut kuti uoneke wochuluka. Silidachotse chithunzi chimodzi chokhacho. Lidachotsa zithunzi zake zonse, zoposa 900. Phunziro lake ndi lomwe limagwira parishi: chithunzi chimodzi chabodza chikagwidwa, chimapita pamodzi ndi zoona zonse za munthuyo. Lipoti la chaka chatha, la dzana, ngakhale buku la ndalama, zonse zimayamba kununkha.

Mmene chithunzi chotere chimazindikirikira

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu safunika sukulu ya makompyuta kuti agwire chithunzi cha mtundu umenewu. Amafunika kuchikuza pafoni ndi kuchiyang'ana modekha.

Poyamba ayang'ane zovala ndi kakhalidwe. Chitenje chofanana si umboni, chifukwa amayi a bungwe limodzi amavala yunifolomu. Umboni ndi chitenje chofanana chopindika pamalo omwewo, duku lomangidwa mofanana, ndi mwana wotukula mkono womwewo. Anthu awiri sakhala mofanana mpaka chala. Komanso okopera sakopera munthu mmodzi, amakopera kagulu, choncho amayi atatu oyandikana amapezekanso kwina atayandikana mwa dongosolo lomwelo. Chida chimene ambiri amagwiritsa ntchito mu Photoshop, chotchedwa Clone Stamp, chimatenga ndi zapansi zomwe, ndiye mwala, tsamba kapena phazi la pamchenga limaonekanso kawiri.

Kenaka ayang'ane mithunzi. Dzuwa ndi limodzi, ndipo 10 koloko m'mawa mithunzi yonse imaloza mbali imodzi. Amayi 12 aja atatembenuzidwa, mithunzi yawo idatembenukanso, ndipo ikuloza kwina. Kutembenuza kumaululikanso pa zolemba: mawu a pachitenje kapena pamalaya amawerengeka chobwerera.

Ayang'anenso kukula kwa anthu. Munthu akakhala patali amaoneka wamng'ono mwa muyeso wake, ndipo wokopera kawirikawiri amaphonya muyesowo, mutu wa kumzere wakumbuyo n'kukhala waukulu kuposa wa patsogolo pake. M'malire mwa kagulu komatidwa mumapezeka phewa lodukira, mwendo wopanda mwini, kapena munthu wokhala pamalo pomwe benchi palibe.

Pomaliza, awerengere pamodzi ndi zina zonse za mu lipoti. Mabenchi 8 a anthu asanu amakhala anthu 40, ndiye anthu 90 okhala pansi onse ali pamabenchi adachokera kuti? Pepala lolembapo mayina lili ndi mizere ingati? Ndowa zoperekedwa tsikulo zidali zingati? Njira yosavuta kuposa zonse ndi kupempha zithunzi zina za tsiku lomwelo. Wojambula pafoni sajambula kamodzi. Zithunzi zotsogola ndi zotsatira, kapena kanema wa mphindi imodzi wozungulira bwalo, zimathetsa mkangano. Tsono chizindikiro chimodzi chisakhale chigamulo, chifukwa foni ikamajambula chithunzi chachitali poyendetsa dzanja, mwana wothamanga angathe kugwidwa kawiri popanda chinyengo cha munthu. Mwini chithunzi afunsidwe kaye payekha, asanatchulidwe pagulu.

Kubwereza anthu popanda kompyuta

Asanaloze chala mnyamata uja, akuluakulu a mabungwe a m'parishi ayenera kuyang'ana malipoti awo. Anthu amabwerezedwanso ndi cholembera. Maphunziro a masiku atatu amene tsiku lililonse padafika anthu 40 omwewo, lipoti n'kunena kuti adafikira anthu 120, ndi chithunzi chija cholembedwa m'manambala. Kuwerengera alendo amene adabwera pabwato, oimba ndi onyamula katundu pamodzi ndi eni mudzi, n'kutcha onsewo "opindula", ndi zomwezo. Pali kusiyana pakati pa kuchuluka kwa maulendo amene anthu adabwera ndi kuchuluka kwa anthuwo, ndipo lipoti loona limatchula kuti likuwerenga chiti. Chikalata cha Msonkhano wa Vatikani Wachiwiri chonena za njira zofalitsira nkhani, Inter Mirifica, cha pa 4 Disembala 1963, chimafuna kuti nkhani yoperekedwa kwa anthu ikhale yoona ndiponso yathunthu, m'malire a chilungamo ndi chikondi. Kapepala ka pa Misa ndi bolodi la pakhomo ndi njira zofalitsira nkhani nazonso.

Ndipo pali mbali ya olandira malipoti. Mlembi uja sadabadwe ndi mantha a bwalo lochepa, adawaphunzira. Ngati khonsolo imaombera m'manja malipoti a zigulu okha, n'kuchita tsinya ikamva 38, ikuphunzitsa achinyamata ake kuti choonadi n'chochititsa manyazi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, koma wogula amene amangofuna nkhuyu zowala kunja ali ndi gawo lake pa nyererezo.

Lipoti limene likadathandiza

Mlembi uja akadatha kuika zithunzi ziwiri, chimodzi chapatali chosonyeza bwalo lonse ndi malo ake opanda anthu, china chapafupi chosonyeza nkhope za amene adabwera. Pansi pake akadalemba motere: Tidayembekeza mabanja 150, padafika anthu 38, ambiri amayi ndi okalamba. Asodzi adali panyanja. Tidapereka ndowa 38, ndipo 112 zili ndi komiti ya pachilumba, imene idzatumiza mayina a olandira. Tikupempha kuti ulendo wina ukayambire kudoko, ndipo tsiku lake asankhe eni ake.

Lipoti lotere silisangalatsa maso ngati lija, koma munthu aliyense woliwerenga akudziwa chochita. Msungichuma akudziwa ndowa zoti azitsatire. Wokonza ulendo akudziwa ola loti asinthe. Mayi wa tomato uja akudziwa kumene ndalama yake yafika ndi kumene siinafike.

Nanga ngati chithunzi chabodza chakhomedwa kale pabolodi? Katekisimu, pa ndime 2487, amaphunzitsa kuti wolakwira choonadi ali ndi udindo wokonza chimene waononga, ngakhale atakhululukidwa. Kungochotsa chithunzicho usiku sikukwanira, chifukwa chiwerengero cha 90 chatsala m'mitu ya anthu ndi m'buku la khonsolo. Kukonza kwake ndi kukhoma chithunzi choona pamalo omwewo, ndi mawu ochepa onena kuti choyamba chija chidasinthidwa ndipo anthu adali 38. Zimawawa Lamulungu limodzi. Pambuyo pake khonsolo ingathe kukhala pansi n'kufunsa funso limene lidayenera kufunsidwa pachiyambi: mabanja 112 aja ali kuti, ndipo bwato lowafikira linyamuke nthawi yanji?